Kudikira katundu wa oda kuli ndi malire

Ku Katawa, monga m'madera ena a mzinda wa Mzuzu, msika wina waukulu masiku ano uli m'mafoni. Mayi amene amapita ku Dar es Salaam kawiri pamwezi amaika zithunzi za nsapato, makatani ndi mapoto pa WhatsApp, n'kulemba pansi kuti akutolera maoda. Mnyamata wina amaitanitsa mafoni ndi zipangizo za sola kuchokera ku China. Wina amatengera anthu zofunda ndi mafiriji ku Joni, wina galimoto ku Japan. Onsewa amafuna ndalama patsogolo, theka kapena yonse, pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, wogula asanakhudze katundu.

Malonda amenewa si oipa. Mpamba wa anthu ambiri ndi wochepa, ndalama zakunja zikusowa, ndipo wamalonda wamng'ono sangadzaze shopu ndi katundu yemwe sakudziwa ngati agulidwa. Oda imathandiza onse awiri, chifukwa wogula amapeza chinthu chimene pa msika wa Taifa palibe, kapena amachipeza chotsikirako mtengo, pomwe wogulitsa amayenda ulendo ali kale ndi kasitomala. Pamene pamavuta ndi pa nthawi. Anthu amamvana mtengo, mtundu ndi saizi mwatsatanetsatane, koma za tsiku amangoti "mwezi uno usanathe", ndipo mwezi ukatha yankho limakhala lija lodziwika: "Asisi, musadandaule, katundu ali panjira." Wogula amasowa poyambira, popeza sadziwa ngati milungu inayi ndi yochuluka kapena ndi yochepa pa chinthu chimene anaoda.

Pali maoda amitundu iwiri omwe anthu amawaphatikiza, chonsecho amasiyana kwambiri. Mtundu woyamba ndi pamene munthu walipiriratu katundu amene wamalonda sanagulebe, mwina ngakhale kufakitale sanapangidwe. Apa onse awiri amadziwa kuyambira pachiyambi kuti padzakhala kudikira, ndipo kudikirako ndi gawo la mgwirizano. Mtundu wachiwiri ndi pamene shopu imagulitsa chinthu nthawi zonse, monga simenti, malata kapena batire ya sola, koma tsiku limenelo chatha. Mwinishopu amalandira ndalama, amalemba lisiti, n'kunena kuti lole ikubwera Lachisanu. Wogula wachiwiriyu sanabwere kudzadikira. Anabwera kudzatenga katundu, ndipo wangovomera kudikira chifukwa chomukhulupirira mwinishopu. Choncho kuleza mtima kwake kuyenera kukhala kwakufupi. Simenti yochokera kwa opanga a m'dziko momwe muno, kapena malata ochokera ku Lilongwe, sizifunika mwezi. Lachisanu loyamba likadutsa, lachiwiri n'kudutsanso, munthu amene mmisiri wake akumudikira pa maziko ali ndi chifukwa chokwanira chotengera ndalama yake n'kukagula pa shopu ina.

Oda ya mtundu woyamba imayezedwa ndi njira imene katundu akudzera. Kuchokera ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kufika pa boda ya Songwe ndi makilomita opitirira 900, ndipo kuchokera pa Songwe kudutsa Karonga, kukwera Chiweta mpaka ku Mzuzu ndi ulendo wa tsiku limodzi pa msewu wa M1. Wamalonda amene wanyamuka yekha pa basi, kugula, kulipira msonkho kwa a MRA pa boda ndi kubwerera, amatha sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ngati watumiza katundu pa lole, milungu iwiri ndi yomveka. Katundu wa ku Joni, yemwe amadutsa maboda angapo asanafike ku Mwanza kapena ku Dedza, n'kukweranso kubwera kumpoto, angatenge milungu iwiri kapena itatu. Katundu wamng'ono wa ku China wobwera pa ndege amafika m'milungu iwiri kapena itatu. Wa pamadzi ndiye nkhani ina, ndipo ndi amene amayambanitsa anthu kwambiri.

Tiyerekeze telala wa ku Katawa amene akufuna makina osokera amagetsi, aja othamanga a m'mafakitale, kuti asoke mayunifolomu a teremu ya mu Januwale. Wapeza munthu woitanitsa katundu ku Guangzhou. Amvana K1,600,000, ndipo pa 1 Sepitembala telalayo walipira dipoziti ya K800,000. Woitanitsa wamulonjeza milungu isanu ndi umodzi, ndiye kuti pa 13 Okutobala.

Lonjezo limeneli ndi lofooka kuyambira tsiku loyamba, ndipo telala akhoza kuona zimenezi atangowerenga masitepe pa zala. Makina amachoka kwa wogulitsa wa ku China kupita kumosungira katundu kwa kampani yotumiza, zomwe zimatenga pafupifupi sabata imodzi. Makina amodzi sadzaza kontena, choncho amaikidwa pamodzi ndi makatoni a anthu ena ambiri, aliyense akulipira malinga ndi malo amene katundu wake watenga. Kontena sinyamuka isanadzaze, ndipo apa pamatha sabata imodzi mpaka itatu. Panyanja, kuchokera kumwera kwa China kufika pa doko la Dar es Salaam, sitima imatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, malinga ndi madoko amene ikuima panjira. Pa doko, kutsitsa ndi kutulutsa kontena kumafuna sabata imodzi kapena iwiri. Kenaka lole, mzere wa pa Songwe ndi msonkho zimadya sabata ina. Zonse zikayenda bwino kwambiri ndi milungu isanu ndi itatu, kutanthauza pa 27 Okutobala. Zikayenda mwa masiku onse, popanda chachilendo chilichonse, zikhoza kufika milungu 13, pa 1 Disembala.

Ndiye kuti pa 13 Okutobala makina akapanda kuoneka, kuchedwako pakokha sikukunena kuti pali chinyengo. Kukungoonetsa kuti woitanitsa anafupikitsa nthawi pofuna kuti kasitomala asathawe, khalidwe limene lafala ndipo liyenera kutha, chifukwa limachititsa kuti wamalonda woona mtima aoneke ngati wakuba. Funso loyenera pa tsikulo si lakuti makina afika liti. Funso loyenera ndi lakuti makina ali pa sitepe iti, ndipo umboni wake ndi uti.

Sitepe iliyonse imasiya chizindikiro chimene woitanitsa angatumize pa foni popanda kuwononga ndalama. Pofika sabata yachiwiri payenera kukhala chithunzi cha katoni kapena bokosi lamatabwa lolembedwa dzina kapena chizindikiro cha mwini wake, pamodzi ndi lisiti ya kumosungira katundu yosonyeza kulemera ndi kukula kwake. Kontena ikatsekedwa imakhala ndi nambala yake, ya zilembo zinayi ndi manambala asanu ndi awiri, yolembedwa pa chitseko chake komanso pa chikalata cha sitima chimene pamwamba pake pamalembedwa kuti Bill of Lading. Nambala imeneyi munthu aliyense akhoza kuilemba pa tsamba la kampani ya sitimayo, monga Maersk, MSC kapena CMA CGM, n'kuona doko limene kontena yadutsa ndi tsiku limene ikuyembekezeka ku Dar es Salaam. Kwa amene waoda galimoto ku Japan, chofanana nacho ndi nambala ya chesesi, dzina la sitima ndi tsiku lonyamukira. Katundu akafika pa Songwe pamakhala mapepala a msonkho amene ejenti wokiliya katundu amakhala nawo m'manja.

Telala uja akafunsa pa 13 Okutobala, mayankho angakhale awiri. Woitanitsa angatumize nambala ya kontena, ndipo tsamba la kampani ya sitima n'kusonyeza kuti ifika ku Dar es Salaam pa 2 Novembala. Pamenepa ndi bwino kudikira. Makina alipo, akuyenda, ndipo pofika kumapeto kwa Novembala adzakhala ali ku Katawa, nthawi yosokera mayunifolomu ikadalipo. Kuthetsa oda pa nthawi imeneyi n'kudzipweteka, chifukwa kuyambiranso ndi munthu wina ndi milungu ina isanu ndi itatu, mwinanso pa mtengo watsopano.

Yankho lina ndi lakuti, "Bwana, nambala ndikutumizirani madzulo, netiweki ikuvuta kwa ejenti." Madzulo akwana, mawa lake akwana, nambala kulibe. Apa masamu ndi osavuta. Ngati patatha milungu isanu ndi umodzi palibe nambala ya kontena, makina sanakwere sitima. Ngakhale atakwera tsiku lomwelo, patsala milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi, ndiye kuti pakati pa 24 Novembala ndi 15 Disembala, ndipo awa ndi masiku odalira kuti makinawo anagulidwadi. Telala amene akufuna kuyamba kusoka kumayambiriro kwa Disembala sangaike chiyembekezo chake pamenepo. Iyi ndi nthawi yopempha kuti oda ithe, ngakhale kuti miyezi itatu sinakwane.

Chimene chimachitika nthawi zambiri kuseri kwa yankho lotere si kuba kochita kukonzekera. Wamalonda walandira madipoziti a anthu khumi, koma dola yamuvuta kupeza, kapena waipeza pa mtengo wokwera kuposa umene anawerengera. Wagulira anthu asanu ndi mmodzi, akudikira maoda atsopano kuti ndalama yake igulire anayi otsalawo. Wolipira lero akugulira katundu wolipira mwezi watha. Zizindikiro zake zimaoneka: zifukwa zimasintha sabata iliyonse, chithunzi chimene watumiza ndi cha katoni yopanda dzina, akupitiriza kutsatsa maoda atsopano pomwe akale sanafike, ndipo mwadzidzidzi akupempha ndalama yotsala ija katundu asanaoneke, ati ya msonkho. Ndalama ya msonkho imapemphedwa katundu ali pa boda, ndipo imabwera ndi pepala losonyeza kuti msonkhowo ndi zingati. Popanda pepala limenelo, kuonjezera ndalama n'kukulitsa bala.

Zochedwetsa zenizeni ziliponso, ndipo wogula wachilungamo ayenera kuzidziwa. Mafakitale ndi makampani otumiza katundu ku China amatseka pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, chomwe chimagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Mu 2025 chinali pa 29 Januwale, ndipo ntchito imaima kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Ku Japan amakhala ndi masiku atchuthi otsatizana kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi. Nthawi ya dzinja, mvula ikagumula dothi pa Chiweta kapena kuwononga mlatho ku Karonga, malole amaima. Chipwirikiti chimene chinabuka ku Tanzania pa chisankho cha pa 29 Okutobala 2025 chinasokoneza maulendo a katundu wodzera pa Songwe kwa masiku angapo. Zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana, chakuti zimamveka pa wailesi, zimakhudza amalonda onse nthawi imodzi, ndipo zimakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Vuto limene lagwera munthu mmodzi yekha kwa miyezi iwiri, pomwe anzake a pa Taifa akutsitsa katundu sabata iliyonse, silichokera kunjira.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa nkhani ya dipoziti kudekha kuli ndi mtengo wake, ndipo Amalawi anauona ndi maso. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene analipira K1,180,000 mu Okutobala chaka chimenecho anapereka ndalama yokwana madola 1,000. Ngati wamalonda sanagule katundu, n'kudzabweza K1,180,000 yomweyo mu Disembala, munthuyo analandira ndalama yosakwana madola 700. Pa pepala anabwezeredwa yonse, koma chinthu chimene ankafuna sakanachigulanso. Zofanana nazo zinachitika mu Meyi 2022 pamene kwacha inatsika ndi 25 peresenti. N'chifukwa chake funso lakuti katundu wagulidwa kale kapena ayi ndi lalikulu kuposa lakuti afika liti. Ngati wagulidwa, ndalama ya wogula yasanduka makina, ndipo makina satsika mtengo kwacha ikatsika. Ngati sanagulidwe, ndalamayo ikusungunuka m'thumba la munthu wina, ndipo mwezi uliwonse wodikira ukuchepetsa chimene idzagule ikabwerera.

Kulipiriratu popanda kufufuza sikugwetsa anthu wamba okha. Mu 2022 boma, kudzera ku bungwe la Smallholder Farmers Fertiliser Revolving Fund of Malawi, linalipira ndalama pafupifupi K750 miliyoni patsogolo pa mgwirizano wa feteleza wa AIP ndi kampani ya ku Britain ya Barkaat Foods Limited, yomwe inadzadziwika kuti malonda ake ndi a nyama. Feteleza sanabwere, mgwirizano unathetsedwa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zaulimi Lobin Lowe. Feteleza, monga yunifolomu ya Januwale, ali ndi nyengo yake, ndipo akafika mvula itapita ntchito yake imakhala yatha ngakhale atafika wabwinobwino. Choncho tsiku limene katundu adzasiye kukhala ndi phindu liyenera kunenedwa poyera ndi kulembedwa ndalama isanatuluke.

Malamulo a maiko ena anaika nambala pa nkhaniyi. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagula pa intaneti, lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limati wogulitsa akwaniritse oda m'masiku 30 ngati sanagwirizane zina, ndipo akalephera wogula akhoza kuthetsa mgwirizano atapereka chidziwitso cholemba cha masiku asanu ndi awiri. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limatchulanso masiku 30, ndipo ku America wogulitsa amene walephera kutumiza katundu pa nthawi yake amayenera kupempha wogula kuti avomere kuchedwako kapena amubwezere ndalama. Kuno kwathu lamulo la Sale of Goods Act limanena kuti pamene tsiku silinatchulidwe, katundu aperekedwe m'nthawi yoyenera, ndipo kuyenerako kumatengera mtundu wa katundu ndi kumene akuchokera. Masiku 30 ndi ochuluka kwambiri pa nsapato za ku Kariakoo, koma ndi ochepa pa makina obwera pamadzi. Chimene tingatengere kwa anzathuwa ndi dongosolo lake: tsiku lolembedwa, chidziwitso cholembedwa, kenaka kubweza ndalama.

Chidziwitso chotere sichifuna loya, ndipo sichifuna mawu achipongwe. Telala uja angalembe pa WhatsApp kuti: "Achimwene, pa 1 Sepitembala ndinalipira K800,000 ya makina osokera, ndipo tinamvana kuti afika pa 13 Okutobala. Chonde munditumizire nambala ya kontena pofika pa 20 Okutobala. Ikapanda kupezeka, oda ndaithetsa, ndipo ndikupempha kuti mundibwezere ndalama yanga pofika pa 27 Okutobala." Uthenga woterewu uli ndi masiku, ndalama ndi chinthu chimodzi chimene wamalonda woona mtima angathe kuchita mosavuta. Uyenera kukhala wolemba, osati wa mawu kapena wongoimba foni, ndipo usungidwe pamodzi ndi uthenga wa Airtel Money kapena wa kubanki wotsimikizira kuti ndalama inapita. Anthu ambiri ku Katawa amaoda kwa munthu amene amapemphera naye kapena amene ali naye mu banki m'khonde, ndiye amachita manyazi kulemba zotere. Koma chibale chimawonongeka kwambiri ndi miyezi isanu ya kuzembana pa msewu kuposa ndi uthenga umodzi waulemu wokhala ndi tsiku.

Wamalonda nayenso ali ndi mbali yake yoyenera kuimva. Ngati waonetsa umboni wakuti katundu anagulidwa ndipo ali m'sitima, wogula amene wangosintha maganizo sangafune ndalama yonse tsiku lomwelo, chifukwa ndalamayo ili m'katundu. Chomveka ndi kumvana kuti katundu akafika agulitsidwe kwa wina, ndipo ndalama ibwezedwe atachotsapo zimene wamalonda wawonongadi ndipo angathe kuzionetsa pa lisiti. Katundu wochita kupangitsa, monga chikwangwani cholembedwa dzina la shopu kapena diresi laukwati losokedwa pa muyeso wa munthu, ndi wovuta kugulitsa kwa wina, ndiye kuthetsa oda yake kumayenera kuchitika ntchito isanayambe. Koma pamene wolephera ndi wamalonda, mawu akuti dipoziti sibwezedwa alibe mphamvu. Dipoziti imateteza wogulitsa kwa wogula wothawa, si malipiro a katundu amene sanabwere.

Kawirikawiri wamalonda amene wapanikizika amapempha kubweza pang'onopang'ono. Izi zingavomerezedwe ngati gawo loyamba laperekedwa pomwepo, ndipo masiku a magawo otsala alembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni. Ena amapereka katundu wina m'malo mwa ndalama, zomwe wogula ali ndi ufulu wokana. Zonse zikakanika, dandaulo likhoza kupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lamulo latsopano la 2024 linalionjezera mphamvu zolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso zopereka chindapusa kwa amalonda olakwa. Bwalo la majisitireti ku Mzuzu limaweruzanso milandu ya ngongole zotere, ndipo chimene limafuna ndi umboni wa ndalama yolipidwa, tsiku lolonjezedwa ndi chidziwitso chija. Kupolisi kumapitidwa pamene zikuoneka kuti munthuyo analandira ndalama akudziwa kuti sadzagula kanthu, monga ngati wazimitsa foni, wasamuka pamalo, ndipo anthu ena angapo akumufunafuna pa nkhani yomweyo. Zikatero ndi bwino kuti onse odandaula apite limodzi, aliyense atanyamula mauthenga ndi malisiti ake.